Malikisi akwera, koma kodi ndi maphunziro apadera amene awakweza?

"Ndikulemba lipoti la kafukufuku wanga. Ophunzira 200 analemba mayeso, avareji yawo inali 60. Ndinasankha 30 amene anakhoza motsika kwambiri, a avareji ya 35, n'kuwapatsa maphunziro apadera kwa teremu imodzi. Atalembanso, avareji yawo inafika pa 48. Amene akuyang'anira ntchito yanga akuti ndisalembe kuti maphunzirowo ndiwo awakweza, chifukwa malikisi akanakwerabe okha. Angakwere bwanji okha? Nanga ndilembe chiyani m'gawo lokambirana zotsatira?"

Oyang'anira anuwo akunena zoona, ndipo akuthandizani pokuchenjezani lipoti lisanatuluke. Vutoli limatchedwa kubwerera ku avareji, ndipo gwero lake ndi mmene munasankhira ana 30 aja.

Malikisi a tsiku limodzi amakhala ndi zinthu ziwiri zosakanikirana: zimene mwana akudziwadi, ndi zimene zinangomuchitikira tsikulo. Wina anadzuka mutu ukuwawa. Wina mafunso atatu anagwera pa mutu umene anajomba. Wina anasokoneza manambala a mafunso, n'kuyika yankho la funso 12 pa mzere wa funso 13. Pakati pa ana 200, tsoka lotere ndi mwayi zimafafanizana, avareji n'kukhala pamalo pake. Koma inu simunatenge onse. Munatapa a pansi penipeni, ndipo pansi ndi pamene pamasonkhana ofookadi pamodzi ndi amene tsiku linangowaipira. Pa mayeso achiwiri kufooka kumatsalabe, koma tsoka silibwereranso kwa ana omwewo. Avareji ya gululo imakwera ngakhale popanda aliyense kuwaphunzitsa kanthu.

Francis Galton, wasayansi wa ku England, anafotokoza zimenezi mu 1886 poyerekeza msinkhu wa makolo ndi wa ana awo akuluakulu 928. Ana a makolo aatali kwambiri anali aatalibe, koma pa avareji sankafika pa makolo awo. Ankasunga pafupifupi magawo awiri mwa atatu a kutalika kumene makolowo ankaposa nako anthu ena. Ana a makolo aafupi nawo ankayandikira pakati kuchokera pansi.

Mukhoza kuwerengera kukula kwa vutoli pa manambala anu. Chofunika ndi r, nambala yosonyeza mmene malikisi a mayeso oyamba amagwirizanirana ndi a mayeso achiwiri.

```
y = m + r * (x - m)
```

Apa m ndi avareji ya ana onse, x ndi avareji yoyamba ya gulu losankhidwa, ndipo y ndi avareji imene tingayembekezere kachiwiri popanda thandizo lililonse. Simunanditumizire r, ndiye tingoyerekeza kuti ndi 0.6. Gulu lanu linali pansi pa avareji ndi malikisi 25. Tikachulukitsa 25 ndi 0.6 tipeza 15, kutanthauza kuti kachiwiri likanakhala pansi ndi 15 okha, ndiye kuti pa 45. Pa malikisi 13 amene mwaona atakwera, 10 akanabwera okha. Otsala ndi 3, ndipo pa ana 30 okha, 3 amenewo akhoza kukhala ongochitika mwamwayi. Koma r akanakhala 0.9, tikanayembekezera 37.5, ndipo gawo lalikulu la kukwerako likanafuna chifukwa china. Mukuona kuti nkhani yonse yatsamira pa kudalirika kwa mayeso anu: mayeso aafupi, a mafunso ochepa kapena olola kulotera mayankho, amakhala ndi r wotsika, ndipo kubwerera ku avareji kumakula.

Samalani kumene mukumutenga r. Musamuwerengere pa ana 30 okhawo, chifukwa malikisi awo oyamba ndi othinana ndipo r amatuluka wochepa kuposa weniweni; komanso iwo alandira kale thandizo. Ngati alipo malikisi a kalasi yonse ya chaka china imene inalemba mayeso awiriwa popanda maphunziro apadera, mutengeni pamenepo. Dziwaninso kuti kawerengedwe aka kamaganiza kuti mayeso onse awiri ndi ovuta mofanana ndipo malikisi ake amamwazikana mofanana. Ngati mayeso achiwiri anali opepuka, kapena kalasi yonse inakwera chifukwa teremu yapita ikuphunzira, ndiye kuti pali zinanso zoti muchotse musanatamande maphunziro anu.

Pali njira yosavuta yoonera vutoli ndi maso anu, ngati ana onse 200 analembanso. Tengani 30 a pamwamba, amene sanalandire kanthu. Ngati avareji yawo inali 85 ndipo r ndi 0.6, mudzaipeza yatsikira cha pa 75. Palibe amene anawasokoneza. Pakati pawo panali amene tsiku loyamba linawakomera. Kutsika kwa a pamwamba ndi kukwera kwa a pansi ndi chinthu chimodzi. Onaninso ana amene anaphonya pang'ono kulowa m'gulu lanu, oyambira pa nambala 31 kuchokera pansi. Ngati nawonso anakwera, mwapeza umboni m'manja mwanu momwemo.

Ambiri amathawira ku nambala ya p, imene imathandiza kuona ngati kusintha kungakhale kongochitika mwamwayi. Amayerekeza malikisi oyamba ndi achiwiri, p n'kutuluka wochepera 0.05, iwo n'kumati nkhani yatha. Nambala imeneyi ikungonena kuti malikisi asinthadi, zimene tikudziwa kale. Siikunena chimene chawasintha. Kuchulukitsa ana sikuthandizanso. Mukanasankha 3,000 a pansi mwa ana 20,000, kubwerera ku avareji kukanakhala komweko, p yekha ndiye akanacheperachepera n'kukunamizani kwambiri.

Tsopano za m'gawo lokambirana zotsatira. Chimene ndimadana nacho ndi kulemba masamba awiri otamanda maphunzirowo, kenako n'kubisa chenjezo m'chiganizo chimodzi kumapeto, pamene owerenga akhulupirira kale. Liyikeni pafupi ndi chotsatira chenichenicho. Mukapeza r wanu, mukhoza kulemba motere:

"Avareji ya ophunzira amene analandira maphunziro apadera inakwera kuchoka pa 35 kufika pa 48. Popeza ophunzirawa anasankhidwa chifukwa chokhoza motsika pa mayeso oyamba, kukwera kwina kunkayembekezeka ngakhale popanda thandizo. Potengera r wa 0.6, avareji yoyembekezeka inali 45. Kafukufukuyu analibe gulu loyerekezera, choncho sangasiyanitse zimene zadza ndi maphunzirowa ndi zimene zadza ndi kubwerera ku avareji."

Pewani mawu ngati "anachititsa", "anakweza" ndi "zatsimikizira". Koma musalumphirenso mbali ina n'kulemba kuti maphunzirowo sanathandize. Mwina anathandiza; kafukufuku wanu sanakonzedwe moti angayankhe funsolo.

Mukadzabwereza kafukufukuyu, sankhani ana 60 a pansi ndi lamulo limodzi, kenako achitireni maere: 30 alandire maphunziro tsopano, 30 adzalandire teremu yotsatira, kuti pasakhale womanidwa. Magulu onse awiri adzabwerera ku avareji mofanana, ndipo kusiyana kwa malikisi awo achiwiri ndiko kudzakhale kwa maphunzirowo. Posanthula, gwiritsani ntchito ANCOVA, imene imayerekeza malikisi achiwiri poganizira pamene mwana aliyense anayambira. Ngati maere sangatheke, alembetseni mayeso kawiri musanayambe: oyamba akhale osankhira ana, achiwiri akhale poyambira kuwerengera. Pofika pa mayeso achiwiriwo, gawo lalikulu la kubwerera ku avareji lidzakhala litachitika kale.