Chifukwa chake "more better" amathetha

"Anzanga, mwana wanga wa Sitandade 6 analemba kuti My bag is more better than yours, aphunzitsi amuthetha. Ine sindikuona cholakwika. Ndimuuze bwanji kuti amve?"

Mayi, aphunzitsiwo sanalakwitse. Mwanayo wafananitsa kawiri m'chiganizo chimodzi, ndipo gwero lake ndi Chichewa chathu chomwechi. Ife mfotokozi sitimusintha: timati wamtali, wamtali kuposa Chisomo, wamtali kuposa onse. Ntchito yonse imagwiridwa ndi "kuposa". Ndiye mwana akafika pa Chingerezi amafunafuna mawu oimira "kuposa" uja, n'kutola more, osadziwa kuti better wanyamula kale tanthauzo limenelo m'kati mwake.

Muyambe naye ndi zinthu zogwirika. Dulani nzimbe zitatu zosiyana kutalika. Imodzi payokha ndi long. Mukaika ziwiri pamodzi, yopambanayo ndi longer, ndipo pambuyo pake pamabwera than. Zikakhala zitatu kapena kupitirira, yopambana zonse ndi the longest. M'buku lake masitepe atatuwa alembedwa kuti positive, comparative ndi superlative, koma mayinawo asamuopse. Funso loti azidzifunsa ndi limodzi: zinthu zikufananitsidwazi ndi zingati?

Kenako adziwe kuti njira zilipo ziwiri, ndipo mawu sangayende njira zonse ziwiri nthawi imodzi. Mawu aafupi, a phatikizo limodzi, amalandira -er ndi -est kumapeto: tall, taller, tallest. Mawu aatali, a maphatikizo atatu kapena kuposerapo, sasintha, amangotsogoza more ndi most: more beautiful, most expensive. A maphatikizo awiri othera ndi y amasintha y kukhala i, monga happy, happier, happiest, pomwe ena ambiri ngati careful amatenga more.

Aphunzitsi ambiri amauza ana kuti aziomba m'manja powerenga maphatikizo. Njirayi ndi yabwino, koma apa m'pamene ana athu amagwera. Pakamwa pathu big amatuluka ngati "bigi", strong ngati "sitirongi". Mwana akaomba m'manja apeza kawiri pa woyambayo, kanayi pa wachiwiriyo, n'kulemba more strong ali ndi chikhulupiriro chonse kuti watsata lamulo. Mumuuze aziyang'ananso mawuwo papepala: mu strong muli lembo la liwu limodzi lokha, o, choncho kuomba ndi kamodzi, yankho ndi stronger. Asamale ndi e wakumapeto amene satchulidwa, ngati wa mu nice ndi large, ameneyo sawerengedwa. Pa kalembedwe, big amakhala bigger, hot amakhala hotter, lembo lomaliza limabwerezedwa.

Tsono pali kagulu kakang'ono kosamva lamulo, kofunika kungoloweza ngati mmene amalowezera matebulo a masamu. Good, better, best. Bad, worse, worst. Little, less, least. Many ndi much onse amapita ku more, most. Far amapita ku farther kapena further. Pa onsewa wovutitsa kwambiri ndi worse, chifukwa sathera ndi -er, ndiye mwana amaona ngati sanamalizike, n'kulemba worser kapena more worse. Zonse ziwirizi n'zolakwika.

Tibwerere ku chiganizo chake. Atenge pensulo. Zikwama ndi zingati? Ziwiri, chake ndi cha mnzake, ndipo than alipo. Mfotokozi woyambira ndi uti? Good. Ali m'kagulu kosamva lamulo kaja? Eya, ndiye sitepe yachiwiri ndi better. Tsopano adule mzere kunsi kwa chilichonse chosonyeza kufananitsa. Apeza mizere iwiri, pa more ndi pa better. Mizere ikakhala iwiri pa mfotokozi mmodzi, umodzi uchoke: My bag is better than yours. Ayesenso pa most tallest ndi more cheaper, aona kuti matenda ake ndi omwewo.

Mwina mwanayo amafuna kutsindika kuti chikwama chake chikuposa kutalitali. Zimenezo n'zotheka, koma mawu ake ndi much kapena far: much better, far worse. Very sagwira ntchito pamenepa. Timati very good, koma very better ayi.

Chimodzi chokha mumuchenjeze, kuti asayambe kuthetha zolondola. Adzakumana ndi ziganizo monga The river is getting wider and wider, kutanthauza kuti mtsinje ukunka nukula, kapena The more you read, the better you write, kutanthauza kuti chinthu china chikamakwera chinzake chikukweranso. Mabuku ena izi ndi zimene amazitchula kuti double comparatives, ndipo n'zovomerezeka. Muchiganizo cha mtsinje mawu amodzi omwewo angobwerezedwa ndi and pakati, pomwe m'chinacho more ali mbali yake, better mbali yakenso. Choletsedwa ndi more kapena most kugundana ndi mfotokozi amene wasintha kale.