Musakonze nokha nambala ya puloti

"A loya, ndikudzaza fomu yopemphera lizi pogwiritsa ntchito kalata yomwe anandipatsira puloti. Pamwamba alemba 49/3/172, m'munsi alemba 49/3/127. Akutinso kummawa kwa puloti kuli msewu, pomwe msewuwo uli kumpoto. Ndilembe zoona zake, kapena zomwe zili m'kalatamo?"

Lembani zomwe zili m'kalatamo, bambo, ngakhale maso anu akuona kuti ndi zolakwika. Kukonza ndi ntchito ya ofesi yomwe inalemba kalatayo, kaya ndi Unduna wa za Malo kapena khonsolo.

Kalatayi si lizi, ndipo payokha sikupatsani umwini wa malo. Ntchito yake ndi kukuuzani puloti yomwe mwapatsidwa ndi zoti mukwaniritse. Koma mapepala onse otsatira amatengera pa iyo, ndipo kalaliki wa ku ofesi ya malo sadziwa mtengo wa mango womwe uli pakona panu. Iye amayerekeza nambala ndi nambala basi. Fomu ikasiyana ndi kalata, fayilo imaima, kapenanso lizi imatuluka pa puloti ya mnzanu.

Tengani pepala lapadera mulembepo dzina lanu monga analilembera, nambala ya fayilo, tsiku la kalata, nambala ya puloti, kukula kwake, zaka za lizi, ndalama zolipira ndi tsiku lomaliza kuvomera. Pa nambala musasiye kanthu, ngakhale kamzere kolekanitsa kapena chilembo chakumapeto, pakuti 172A ndi 172 akhoza kukhala malo awiri. Pa kukula samalani ndi ziro: mahekitala 0.045 ndi masikweya mita 450, koma 0.45 ndi 4,500. Ngati analemba m'mahekitala, musasinthire ku maekala.

Mawu a malire ndiwo anthu amakonda kufupikitsa, ndipo zimandidetsa nkhawa kwambiri. Akopereni onse m'Chingerezi chomwecho, pamodzi ndi nambala za mabikoni, zizindikiro zozikidwa m'makona a puloti, ngati zilipo. Mawu oti "pafupifupi" omwe amaikidwa pa kukula kwa malo musawataye, chifukwa akusonyeza kuti muyeso weniweni udzachokera kwa saveya.

Vuto lanu lenileni ndi nambala ziwirizo, ndiye fomu isapite kaye. Lemberani ofesiyo kalata yotchula nambala zonse ziwiri ndi pomwe iliyonse ili, munenenso za msewuwo, ndipo muwapemphe ayang'ane pa mapu a dera kenako akuyankheni polemba. Phatikizani fotokope, kalata yeniyeni muisunge yosafufutidwa ndi cholembera. Kope yanu aidinde chidindo cha tsiku lomwe alandira. Ngati tsiku lomaliza kuvomera layandikira, vomerani polemba, mukunena kuti mukudikira kuti nambala itsimikizidwe.

Chitani izi panopa. Lizi ikalembedwa m'kaundula, mkulu wa kaundula amakonza zolakwika zazing'ono zokha, kapena zomwe onse okhudzidwa avomereza. Mwini wa puloti inayo akakana, nkhaniyo imakathera kukhoti. Musaumbe njerwa pamalopo yankho lisanabwere.