Nthawi yoposta katundu

"Abale, ndikumaposta nsapato 8 koloko m'mawa koma palibe ndi like yomwe, inu mumaposta nthawi yanji?"

Mayi inu mwandikumbutsa zowawa. Ine ndinalipira kamnyamata kena kodzitcha katswiri wa zapaintaneti K40,000 kuti kazindiyendetsera peji, kanabwera ndi kapepala kokopera kaya kuti, ati nthawi yabwino ndi 9 koloko m'mawa Lachiwiri. Ndinatsegula belo la madiresi, ndalama yake yakatapila, tinajambula onse 63 usiku wonse mwana wanga atagwira tochi magetsi atathima, kenako kanaposta onse kamodzi 9 koloko. Ndinakhala pampando foni ili m'manja mpaka 12, nsima osadya, uthenga umodzi wokha wabwera, nawonso wofunsa ngati ndikulemba antchito. Wakatapila akuimba. Ndikamufunsa mnyamata uja ati "aunt dekhani, ndi aligorizimu", aligorizimu yake iti, makasitomala anga ndi aphunzitsi ndi manesi, 9 koloko ali m'kalasi ndi muwodi! Pofika madzulo positi inali itakwiririka kale. Mpaka lero akandiona amawoloka msewu.

Chinandipulumutsa ndi kope la mwana wanga. Status ya WhatsApp ija mukadina pa kadiso imaonetsa amene waona komanso nthawi yomwe waonera, bola read receipts ikhale yoyatsa. Ndinalemba masabata awiri, tsiku ndi tsiku, ndipo osawerenga aliyense ayi, okhawo amene anagulapo kale, chifukwa achibale amaona chilichonse koma sagula. Zinaonekeratu: kagulu kochepa cha m'ma 12:30 pa lanchi, gulu lenileni kuyambira 7:30 mpaka 9 usiku ana atadya. Pa Instagram ngati akaunti ndi ya bizinesi ndipo otsatira akwana 100, lowani Insights muone Most active times, imaonetsa maola ndi masiku. Ndiye musaposte pa ola lodzadza lenilenilo, ine ndimaponya 7 koloko madzulo kuti akamalowa apeze katundu ali kale pamwamba, ndipo madiresi asanu okha osati belo lonse. Muonenso komwe ali, a ku Joni nthawi ndi imodzi ndi ife koma a ku UK ali m'mbuyo ola limodzi kapena awiri kutengera nyengo. Pakati pa mwezi anthu amangoona, bando ilipo koma ndalama palibe, musanamizire ola.

Komabe musazikhulupirire kwambiri zimenezi, oda yanga yaikulu chiyambire inabwera pa positi ya 5 koloko m'mawa yomwe ndinangoponya tulo titasowa, mayi wina anatenga madiresi 11 a akwaya. Inu ingosinthani 8 koloko yanuyo kwa sabata imodzi, nsapato zomwezo, mtengo womwewo, muwerenge ofunsa saizi osati ma like.