Amayi ako asatuluke m'nyumbamo

"Amalume, azibale a malemu bambo akuti mwezi ukamatha amayi akhale atatuluka m'nyumba, akuti poti mapepala ali m'dzina la m'bale wawo. Wilo bambo sanasiye. Kodi ndi zoona kuti amayi alibe mphamvu pa nyumbayi?"

Ndamva, mwana wanga. Ndikujambula mawu chifukwa nkhaniyi ndi yaitali, ndiye ukatha kumvetsera ukawamvetserenso amayi ako, amve ndi makutu awo. Choyamba chenicheni, achemwali asatuluke. Asamange katundu, asapereke makiyi kwa munthu, asapite kukakhala kwina ngakhale wina atawanyengerera kuti ndi kwa kanthawi chabe mpaka mitima izizire. Yemwe angalamule kuti atuluke ndi khoti lokha, osati msonkhano wa pabanja, osati mkulu wa malemu, kaya akhale wolemekezeka bwanji.

Lamulo lomwe likugwira ntchito pa chuma cha masiye ku Malawi kuno ndi la 2011, lomwe linalowa m'malo mwa lakale la 1967. Anthu ambiri m'mutu mwawo mukadali lakale lija, lomwe linkapereka gawo kwa abale a mwamuna, n'chifukwa chake amayankhula molimba mtima chonchi. Latsopanoli linasintha zimenezo. Munthu akamwalira osasiya wilo, gawo 17 limati chuma chake ndi cha a m'banja lake lenileni, kutanthauza mkazi kapena mwamuna wotsalayo ndi ana, kuphatikizapo anthu amene ankadalira malemuyo. Odalirawo si aliyense amene ankapatsidwako kangachepe ayi. Ndi kholo la malemu lomwe iwo ankalisamala, kapena mwana wamng'ono yemwe ankamulipirira sukulu, amene sangathe kudzisamala yekha. Achimwene ndi achemwali a malemu mulibemo mmenemu. Iwowo lamulo limawafikira pokhapokha malemu atakhala kuti sanasiye mkazi, ana, owadalira, ngakhalenso zidzukulu.

Tsopano apa umvetsetse bwino, chifukwa sindikufuna upite ukanene zimene sindinanene. Sindikuti nyumba yonse yasanduka ya amayi ako okha. Kukhala m'nyumba ndi kukhala mwini nyumba ndi nkhani ziwiri. Ngati mapepala a malo alidi m'dzina la bambo ako okha, nyumbayo yalowa m'chuma cha masiye, ndipo eni ake ndi amayi ako pamodzi ndi inu ana komanso makolo a malemu. Mpaka chumacho chitagawidwa mwa lamulo, amayi ako ali m'nyumba yomwe iwonso ndi wolowa, ndipo amene akuwathamangitsawo alibemo ngakhale njerwa imodzi.

Tiye tiwerengere za kwanuko. Pali amayi ako, pali iwe, pali mng'ono wako ali ku pulaimale uja, ndiye pali mkulu wanu wa mayi wina. Ameneyo musamuiwale ndipo musamubise, chifukwa pamaso pa lamulo mwana ndi mwana, kaya anabadwira m'banja kaya kunja. Palinso agogo ako, mayi a malemu, amene bambo ako ankawatumizira thandizo mwezi ndi mwezi. Kagawidwe kake kamayenda motere. Poyamba amaonetsetsa kuti a m'banja ndi odalira aja asagwe m'mavuto, ndipo mavutowo amawayeza poona mmene munthuyo ankakhalira malemu ali moyo. Denga ndi chimodzi mwa zofunika za moyo, ndiye kuchotsa mayi ndi mwana wa sukulu pamene akhala zaka zonsezi ndiye mavuto omwe lamulo likuletsawo. Agogo nawonso amaganiziridwa pamenepa, kuti thandizo lawo lisangoduka. Kenako katundu wa m'nyumba, monga mipando, mabedi, zofunda ndi ziwiya, amatsala ndi amayi ako onse, sagawidwa. Zotsalazo ndiye zimagawidwa pakati pa mkazi, ana ndi makolo a malemu. Popanda chifukwa chapadera, anthu anayinu mungatenge magawo ofanana, koma wamng'ono uja amayenera kupatsidwa mokulirapo poti ulendo wake ukadali wautali.

Koma kwanuko chifukwa chapadera chilipo, ndipo ndi chachikulu. Lamulo limati powerengera magawo aonenso zimene mkazi kapena mwana anathirapo kuti katunduyo afike pomwe ali. Tonse tikudziwa kuti nyumba ija achemwali anaimanga nawo. Malata aja anagula ndi ndalama za bizinesi yawo, amisiri ankalipidwa ndi iwo nthawi imene bambo ako anali pa ulova. Kungoti khoti silimva zakuti tonse tikudziwa, limafuna umboni. Ndiye afufuze malisiti a simenti ndi malata, mabuku a ku banki kapena a gulu lomwe anakongolako, mauthenga a ndalama a pa foni, ndipo akumbukire mayina a amisiri amene angathe kudzaima n'kunena kuti ankalandira ndalama m'manja mwa ndani. Kapepala kooneka konyozeka kangathe kukweza gawo lawo. Mwa ine, apa ndi pamene muyenera kuthera mphamvu zanu sabata ino, osati pa kuyankhana ndi azibale a bambo.

Ndipo mapepala a malowo uwaone ndi maso ako, usangokhulupirira za m'kamwa. Nthawi zina anthu amati ali m'dzina la mwamuna chikhalirecho palembedwa mayina awiri. Ngati analembetsa ngati eni ake limodzi osagawa magawo, mmodzi akamwalira nyumba yonse imatsala ndi wamoyoyo, siilowa n'komwe m'chuma cha masiye. Amangopita ndi chiphaso cha imfa ku ofesi yolembetsa malo kuti dzina la malemu lichotsedwe. Ngati analemba kuti aliyense ali ndi gawo lake, monga theka ndi theka, chomwe chimagawidwa ndi theka la malemu lokha, linalo ndi la amayi ako kale.

Zochita zake ndi izi, mwa ndondomeko. Mukatenge chiphaso cha imfa. Mupeze umboni wa ukwati, kaya setifiketi ya ku tchalitchi kaya ya kwa bwanamkubwa, ndipo ngati palibe pepala musataye mtima, lamulo la maukwati la 2015 limazindikiranso ukwati womangidwa pamaso pa ankhoswe, ndiye ankhoswewo ndi mboni. Mulembe mndandanda wa katundu yense, mujambule zithunzi chipinda ndi chipinda lero lomwe. Mapepala enieni musawasiye m'nyumba momwe aliyense akulowa nthawi ya chisoni ino, akasungidwe kwa munthu wodalirika, inu mutsale ndi makope. Mukatero mupite kwa bwanamkubwa kapena ku ofesi ya boma yoyang'anira chuma cha masiye, akakuuzeni khoti loyenera malinga ndi kukula kwa chumacho. Chomwe mukufuna kumeneko ndi kalata ya khoti yopatsa munthu mphamvu yoyendetsa chuma cha malemu. Amayi ako angathe kuipempha iwo eni, ndipo ndibwino ayambe ndi iwo wina asanawatsogolere. Ngati ndalama za loya palibe, boma lili ndi ofesi ya maloya othandiza anthu osowa, mukafunse kumeneko.

Kalata imeneyo isanatuluke, palibe wololedwa kugulitsa nyumba kapena kuisintha dzina, ngakhale amayi ako amene. Ndikunena izi chifukwa pamabwera anthu ooneka achifundo, amvekere gulitsani msanga abale asanalande. Akagulitsa chonchi akhala atagulitsa ndi magawo a ana omwe, ndiye mlandu uwatembenukira iwowo. Ngati malowo ndi olembetsedwa ndipo mukuona kuti wina angathamange nawo mapepala, ku ofesi yolembetsa malo kuli njira yoikitsa chiletso m'kaundula kuti pasachitike kusintha kulikonse inu osadziwitsidwa.

Chimene chimapweteketsa amayi ambiri amasiye ndi kusaina. Amaitana msonkhano, munthu mtima uli chiphwanyikire, amuyalira pepala n'kumuuza kuti ndi zokambirana chabe za banja, mkati mwake mwalembedwa kuti wavomera kusiya nyumba. Pepala lotere likhoza kutsutsidwa ku khoti, koma limatalikitsa mlandu popanda chifukwa. Uwauze achemwali kuti yankho lawo likhale limodzi, loti amva, koma nkhani ya chuma akaikambira ku boma. Anene mwaulemu, asatukwane munthu, ndipo pa msonkhano uliwonse pakhale munthu wa kwathu kuno.

Akabwera ndi mphamvu, kuthyola loko, kusintha makiyi kapena kunyamula katundu, imeneyo si nkhaninso ya pabanja. Gawo 84 la lamulo lomweli limati kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Chilango chake ndi chindapusa chosachepera mtengo wa katundu wolandidwayo komanso ndende zaka 10, ndipo khoti limalamula kuti katunduyo abwezedwe. Mukatero mupite ku polisi tsiku lomwelo, ku nthambi yothandiza ochitiridwa nkhanza, mutanyamula zithunzi zija ndi mndandanda. Khoti lingathenso kupereka chiletso choti asawasokoneze m'nyumbamo pamene nkhani ikuyenda.

Pali zinthu ziwiri zomwe zingawatulutsedi mwa lamulo, ndiye ndisakubisire. China ndi ngongole. Ngati bambo ako anaika nyumbayo chikole ku banki, ngongoleyo sinafe nawo, imalipidwa kuchokera m'chuma chomwecho anthu asanagawane. Mukadziwitse banki msanga, ndipo mukafunse ngati ngongoleyo inali ndi inshulansi ya moyo, chifukwa zambiri zotere zimakhala nayo ndipo imatha kutseka zotsalazo. Chinacho ndi pamene olowa chuma alephera kugwirizana, wina n'kuumirira kuti apatsidwe gawo lake mu ndalama, pomwe chuma chenicheni ndi nyumba yokhayo. Zikatero khoti likhoza kufika polamula kuti igulitsidwe. N'chifukwa chake ndikuti mkulu wanu uja mumukoke pafupi, mumuuze zonse poyera. Mukhoza kugwirizana kuti iye atenge gawo lake pa zinthu zina, monga ndalama za ku banki, kapena kuti amayi akhalemo moyo wawo wonse nyumbayo idzakhale ya ana pambuyo pake. Mukagwirizana zilembedwe ndipo zidutse ku khoti.

Mwina wina aopseza kuti akadzangokwatiwanso nyumba iwachoka. Lamulo limati kukwatiwanso sikulanda munthu zomwe analandira kwa malemu. Kusiyana kulipo pokhapokha nyumba ili pa malo a mafumu, pamenepo mayi akakwatiwanso umwini umapita kwa ana amene anabereka ndi malemuyo. Ngakhale pamenepo, umapita kwa ana, osati kwa alamu.

Ndiye usiku uno undijambulire tsamba loyamba la mapepala a malo, pamene pali mayina ndi nambala ya poloti, unditumizire pandekha osati pagulu pano. Uwafunsenso amayi ako ngati bambo anatengapo ngongole ndi nyumbayo. Lolemba ndibwera, tipitire limodzi kwa bwanamkubwa.