Dzina la pa batani lichokere pakamwa pa msungichuma

"Ndikupanga apu ya magulu a banki nkhonde. Gawo lolembamo ndalama zolowa ndi zotuluka ndalitcha `Transactions`, koma amayi omwe akuyiyesa sakulitsegula n'komwe. Ndilitche chiyani?"

Achimwene, musanasake dzina lina, onani kuti mwaunjika ntchito zingapo pansi pa dzina limodzi. Kwa inu zonsezo ndi tebulo limodzi la m'detabesi, koma msungichuma amaona ntchito zosiyana: kugula masheya, kutenga ngongole, kubweza ngongole, kulipira chindapusa. Pitani mukakhale nawo pa mkeka tsiku la msonkhano, muzingomvetsera mlembi akamaitana maina. Mawu amene mumve kumeneko ndiwo mayina a mabatani anu.

Dzina lililonse liyambe ndi chochita. Mukangolemba "Ngongole", munthu saadziwa ngati akadina atenga, abweza, kapena aona amene ali nazo. "Bwezani ngongole" alibe funso. Koma mukatero, mawu oti "bwezani" akhale a ntchito imeneyo yokha. Batani lofufutira zomwe munthu walakwitsa lisatchedwenso choncho.

Pomwe ndikufuna musamale kwambiri ndi pa `Save`. Ambiri amathamangira kulemba "Sungani". Mu apu ina zingayende, koma muno anthu abwera kudzasunga ndalama, ndiye mayi akaona "Sungani" aganiza kuti ndi poikira masheya ake. Lembani "Lembani m'buku", poti buku la gulu aliyense amalidziwa. Chimodzimodzi kugawana kwa kumapeto kwa chaka: ngati kudinako kumatseka mabuku osatsegukanso, dzina linene poyera kuti "Tsekani chaka, gawanani". Apa cholakwika chimodzi chimayambanitsa anthu a mudzi umodzi.

Khodi ya apu yanu musayigwedze. Pa Android, mawu oonekera a Chichewa amakhala mu `res/values-ny/strings.xml`:

```
<string name="loan_repayment">Bwezani ngongole</string>
```

Dzina la mkati likhale momwemo, la kunja muzilisintha mmene mwafunira. Kungoti Chichewa chimatalika, choncho yesani pa foni yaing'ono yotchipa, muone ngati mawu sakuduka. Mukadzapanga ya USSD ngati `*211#` ya Airtel Money, uthenga umodzi supyola zilembo 182.

Poyesa, anthu asanu ndi okwanira kukuonetsani mavuto aakulu, monga Jakob Nielsen, katswiri woona momwe anthu amagwiritsira ntchito mapulogalamu, analembera mu 2000. Mupatseni msungichuma foni, munene kuti, "Mayi uja anatenga K20,000 wabwera ndi K5,000 lero, chitanipo." Mawu a pa batani musawatchule, ndipo musamulozere, ngakhale mtima ukukuyabwani. Yang'anani pomwe chala chake chayamba kugwa. Akadina polakwika, kapena akatukula mutu n'kukuyang'anani, mufunseni zomwe amayembekezera kupeza pamenepo, mulembe mawu ake ndendende. Awiri mwa asanuwo akasochera pa batani limodzi, lisintheni, mukayesenso pa gulu lina lomwe silinaionepo apuyo.