Katundu sanafike pa tsiku lomwe tinapangana: ndiwalembere zotani?

"Ndinaoda mipando 40 ya mu ofesi yathu, ndinalipira theka la ndalama, ndipo tinagwirizana kuti ifika pa 12 Juni. Lero ndi pa 16, mipando kulibe, eniake ali chete. Ndikufuna kuwalembera imelo yoonetsa kuti sindinakondwe, koma sindikufuna kudana nawo. Ndilembe bwanji?"

Funso lanu landikhudza chifukwa ntchito yanga ndi yogulira kampani katundu, ndipo chimene chimandipsetsa mtima kwambiri si kuchedwa kwenikweniko, koma mawu akuti "katundu ali m'njira". Kampani ina imene inkatisindikizira mabuku a malisiti inkandiyankha mawu amenewa nthawi iliyonse ndikaimba foni, mwaulemu ndithu, mpaka ndinadzazindikira kuti ngakhale pepala losindikizapo anali asanagule. Nkhani itafika kwa akuluakulu awo, iwo anangofunsa kuti tsiku limene ndikunenalo linalembedwa pati. Mwayi wake linalipo pa fomu ya oda imene anasaina okha. Malonjezo onse a pafoni aja palibe amene anawakumbukira.

N'chifukwa chake ndikuti cholinga chofuna kuonetsa kusakondwa muchisiye. Iwo akudziwa kale kuti achedwa. Imelo yanu ikhale umboni wa zimene munapangana, ndiponso iwakakamize kutchula tsiku latsopano molemba. Musawafunse chifukwa chimene achedwera, pakuti funso limeneli limangobala nkhani yaitali ya galimoto yowonongeka ndi makina ofa, ndipo mukaiwerenga mumamva chisoni n'kuiwala kuti tsiku sanakupatseni. Musayambenso ndi kupepesa kuti mukuwavutitsa, chifukwa amene waphonya pangano si inu.

Mawu akuti "mwamsanga" nawonso ndimadana nawo, popeza aliyense amawamva m'njira yomukomera. Lembani masiku awiri enieni: lakuti akuyankheni, ndi lakuti mipando ikhale itafika pamalo panu. Ndanena kufika dala, chifukwa ogulitsa ambiri mukawafunsa tsiku amakupatsani lonyamukira katundu kwawoko. Nthawi yowonjezerayo ikhale yotheka, osati mawa m'mawa. Ngakhale pangano la mayiko la 1980 la ku Vienna, lokhudza malonda a katundu pakati pa mayiko, m'ndime 47 ndi 49 limalola wogula kupereka nthawi yowonjezera yokwanira bwino, ndipo ikatha katundu asanafike akhoza kuthetsa mgwirizano. Panganolo silikhudza oda ya m'dziko limodzi, koma nzeru yake ndi yothandiza: wogula amene anapereka mpata molemba amakhala ndi poimira pakabuka mlandu.

Musanalembe, werengani mgwirizano wanu kuti muone ngati muli chindapusa cha kuchedwa kapena ufulu wobwezeredwa ndalama, ndipo musaopseze chinthu chimene simungachite. Mukanena kuti muthetsa oda kenako n'kudikirabe mwezi wathunthu, imelo yanu yachiwiri adzaiwerenga akumwetulira.

Imeloyo

Yankhani pa imelo imene anatsimikizira tsiku lija kuti lonjezo lawo lionekere m'munsi, mumatepo fomu ya oda ndi umboni wa malipiro, ndipo pamutu mulembe nambala ya oda, mwachitsanzo "Oda nambala 218: mipando 40 sinafike pa 12 Juni".

"Okondedwa Bambo,

Ndikulemba zokhudza oda nambala 218 ya mipando 40, imene tinalipira theka la mtengo wake, ndipo inu munatsimikiza kuti ifika pa 12 Juni. Kufikira lero pa 16 Juni sitinailandire, komanso sitinauzidwe za kusintha kulikonse. Kuchedwaku kwaimitsa ntchito yotsegula ofesi yathu.

Chonde mutiuze molemba, pofika pa 18 Juni, tsiku limene mipandoyi ifike kuno. Tikhoza kudikira mpaka pa 25 Juni. Ngati ina yatha kale kupangidwa, tili okonzeka kuilandira tsopano, yotsalayo ibwere pofika tsiku lomwelo. Ikapanda kufika pa 25 Juni, tidzathetsa odayi ndi kupempha kuti ndalama zimene tinalipira zibwezedwe.

Tikufunitsitsa kupitiriza kugula kwa inu, ndipo tithokoza yankho lanu.

Ine wanu,"

Chiganizo chonena za kulandira ina mwa mipandoyo chili ndi ntchito yobisika: amene akupangadi katundu wanu amayankha ndi chiwerengero, pamene amene sanayambe n'komwe amazungulira. Akakuimbirani foni m'malo moyankha, mvetserani, kenako tumizani mizere iwiri yobwereza tsiku limene atchula ndi kupempha kuti avomereze. Pa 18 pakadutsa ali chete, tumizaninso imelo yomweyo, koma ulendo uno mkulu woyang'anira malonda awo alandire nawo.