Fort Johnston, Zarafi ndi Livingstonia: mayina m'kabuku ka mbiri ya Mangochi

Kalata yabwera kuchokera kwa mphunzitsi wina wa ku Namwera: "Ndikumasulira m'Chichewa kabuku ka mbiri ya boma lathu la Mangochi kuti ana a Sitandade 7 aziwerenga. Mayina ndiwo andiimitsa. Mnzanga akuti ndilembe Foti Jonisitoni monga timatchulira, ahedi akuti dzina silikhudzidwa. Ndimvere ndani?"

Aphunzitsi, onse awiriwo akunena zoona, koma pa mayina osiyana. Ine ndikafika pa dzina ndimayamba ndadzifunsa kuti mwana amene akuwerengayu adzakumana nalo kuti dzinali akatseka kabukuka. Ngati adzaliona pa mapu, pa chikwangwani kapena pa pepala la mayeso, lisiyeni monga lilili. Ngati amalimva kale pakamwa pa agogo ake, lembani la agogolo. Ngati dzinalo lingamusocheretse, lisiyeni koma muliperekeze ndi mawu ochepa ofotokoza.

Tiyambe ndi Fort Johnston yemweyo. Ili ndi dzina lakale la tauni ya Mangochi, lochokera kwa Harry Johnston, mkulu wa atsamunda amene anakhazikitsa malowa m'zaka za m'ma 1890. Mukalemba Foti Jonisitoni, mwana awerenga mosavuta lero, koma tsiku limene adzatsegule buku la kusekondale sadzazindikira kuti ndi malo omwewo, ndipo akalemba choncho pa foni sadzapeza kanthu. Komanso palibe kalembedwe kamodzi komwe tonse tinagwirizana: wina alemba Jonisitoni, wina Jonsitoni, wina Johnisitoni. Ndiye lisiyeni, ndipo pamene likuoneka koyamba mulembe kuti "Fort Johnston, linga la atsamunda limene linadzakula n'kukhala tauni ya Mangochi". Kamodzi kokha basi. M'masamba otsatira dzina liziyenda lokha.

Chimene ndikukupemphani kwambiri n'chakuti musalisinthe n'kulemba "linga la Mangochi" pofuna kuthandiza ana. Inu a ku Namwera mukudziwa bwino kuposa ine kuti kumapiri kwanuko kuli mabwinja a linga lina, la Fort Mangochi, limene atsamunda anamanga atagonjetsa mfumu Jalasi mu 1895. Amenewa ndi malinga awiri, lina kumtsinje wa Shire, lina pamwamba paphiri. Womasulira akawaphatikiza, mwana adzakhulupirira kuti nkhondo ya Jalasi inachitikira pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi.

Jalasi yemweyo akutifikitsa pa mtundu wachiwiri wa mayina, umene ahedi anu ayenera kuuganiziranso. Mabuku akale a Chingerezi amamulemba kuti Zarafi. Apa dzina silinabadwire m'Chingerezi. Ndi lathu, linangopotoka m'makutu a mlendo, ndiye kulisunga "monga lilili" ndiko kusunga kupotokako. Mwana wa kwa Jalasi akawerenga za Zarafi adzayesa munthu wa dziko lina, pamene akumva za ufumu umene makolo ake amakaweruzidwako milandu mpaka lero. Libwezereni kwawo: lembani Jalasi, ndipo koyambako muonjezere kuti "amene azungu ankamulemba kuti Zarafi", kuti akadzakumana nalo kwina asadabwe. Muonjezerenso kuti ndi Jalasi wa nthawi imeneyo, chifukwa mayina ngati Jalasi, Mponda ndi Makanjira ndi a mpando, amalowedwa. Kabuku kakangoti "Makanjira anamenyana ndi azungu", pali ana ena amene aganize za mfumu imene anaiona pa msonkhano chaka chatha.

Pa Makanjira pali kanthu kenanso. Anthu olankhula Chiyao amati Makanjila, pamene zikalata zambiri zimalemba ndi r. Onse awiri ndi ovomerezeka m'makutu a anthu a kuno. Sankhani kamodzi, ine ndingatsate kalembedwe ka pa mapu amene ana ali nawo m'kalasi, ndipo musasinthenso mpaka tsamba lomaliza. Musaiwalenso kuti Chingerezi sichisiyanitsa munthu ndi dera lake monga timachitira ife. Timapita kwa Mponda, kwa Chimwala, kwa Nankumba, koma ku Malindi, ku Namwera. Mukalemba "ku Mponda", owerenga amva nthawi yomweyo kuti chiganizocho chabwera ndi mlendo.

Msampha umene umakola ngakhale omasulira ozolowera ndi dzina lolembedwa bwinobwino koma loloza malo ena. Ngati kabuku kanu kakunena za amishoni a ku Sikotilandi, mupezamo Livingstonia. Mwana aliyense amadziwa kuti Livingstonia ili ku Rumphi. Koma mishoniyo inayambira kuno kwathu, ku Cape Maclear, mu 1875, inasamukira ku Bandawe mu 1881, ndipo inakafika ku Khondowe, ku Rumphi kuja, mu 1894. Choncho chiganizo chonena kuti amishoni anamwalira ndi malungo ku Livingstonia m'zaka za m'ma 1870 chikunena za manda amene ali kwa Nankumba. Apa dzina musalikhudze, koma kufotokoza n'kofunika: "Livingstonia yoyamba, imene inali ku Cape Maclear". Cape Maclear nayo isiyeni choncho, ndi dzina limene David Livingstone anapereka polemekeza mnzake Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi. Pamene nkhani ikukamba za mudzi ndi asodzi ake, dzina ndi Chembe. Monkey Bay musayerekeze kuimasulira, palibe kondakitala amene angakukwezeni mutamuuza kuti mukupita ku doko la anyani.

Nanga mnzanu wa Foti Jonisitoni uja alibe pake? Ali napo. Mayina amene Chichewa chinawalandira kalekale alembeni mwa Chichewa: Ulaya, Mangalande, Amereka, Aluya. Chimene ndimayesera n'chakuti, kodi ndinaonapo dzinali litalembedwa choncho m'nyuzi kapena m'buku, kapena ndikulipanga ndekha pano? Ngati ndikulipanga ndekha, ndimaleka. Joni ndi dzina lamoyo kwambiri kuno ku Mangochi, koma samalani nalo: anthu amalitchula ponena dziko lonse la South Africa, ndiye likhoza kukhala m'mawu a munthu amene akusimba za ulendo wake, osati pamene kabuku kakutchula mzinda weniweni wa Johannesburg.

Mabungwe savuta kwenikweni. Dzina limene likungonena ntchito limasuliridwa: Unduna wa Zamaphunziro, khonsolo ya boma la Mangochi. Zidule zimene anthu amaziona pa zipupa, monga ADMARC ndi ESCOM, zimakhala choncho. Chidule chimene mwana sanachimvepo chimafuna mawu otsogolera, monga "mishoni ya Angilikani ya UMCA, imene inamanga ku Malindi".

Ngati kabukuko kakutchula anthu amoyo, kaya othokozedwa kumapeto, kaya okalamba amene anafunsidwa, lembani monga zilili pa chiphaso chawo cha unzika. Yusufu sasanduka Yosefe ngakhale mayinawa ali a muzu umodzi, ndipo m'boma lathu lino kusintha koteroko kumakhudza chipembedzo cha munthu. Che ndi ulemu, si mbali ya dzina, choncho musalembe "a Che" kapena "bambo Che" ngati kuti ulemuwo sunakwane.

Musanapitirire ndi tsamba lotsatira, tengani kope mulembe mayina onse a m'kabukuko pa mndandanda umodzi: mmene alili m'Chingerezi, mmene mwasankhira kuwalemba, ndi tsamba limene mwawafotokozera koyamba. Kalembedwe ka mnzanu kaja kaikeni pa mndandanda womwewo ngati katchulidwe, kuti mphunzitsi wowerengera ana mokweza asapunthwe pa Maclear. Kenako patsani ana awiri kapena atatu ndime ya Jalasi ndi ya Livingstonia, muwafunse kuti aloze pa mapu pamene zinachitikira. Akaloza ku Rumphi, bwererani ku ndimeyo mukaonjezere mawu ofotokoza.